Kwa adzukulu anga a m'magrosale: za kulonjerera ngongole

Ana anga, adzukulu anga, inu amene mwatsegula timaokala ndi magrosale, ndi inu oyenda ndi zitenje m'maofesi n'kumati "mudzapereka pakutha pa mwezi", takhalani pansi ndikuuzeniko za kope lija mumasunga pansi pa kauntala. Ine ndakalambira kuseri kwa kauntala. Kope loyamba lomwe ndidalembamo ngongole lidali la ana asukulu, la masamba ofiirira, ndipo lidatha ndi mphemvu maina ena asadafufutidwe. Mwa anthu amene adapita ndi ndalama zanga, akuba enieni adali ochepa kwambiri. Ambiri adali anthu abwinobwino, opemphera nawo, olira nawo maliro, amene ine ndidachita manyazi kuwakumbutsa, iwonso n'kupezerapo mpata woiwala. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Muyambe mwadziwa chimene mukulonjerera. Munthu akatenga shuga pangongole, satenga phindu lanu lokha ayi, amatenga mpamba. Tiyerekeze kuti pa K100 iliyonse imene mwagulitsa mumatsala ndi K10 ya phindu, ndipo pa katundu ngati shuga ndi sopo ambiri a inu simufikapo n'komwe. Ngongole ya K37,300 ikafa, muyenera kugulitsa katundu wa K373,000 kuti mungobwerera pamene mudali. Taganizani masiku amene mungaime pakauntala kuti ndalama imeneyo ikwane. Ndipo ndalama yogona m'thumba la mnzako imachepa mphamvu. Amene mudali kale pamalonda mu Novembala 2023, pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti, mukukumbukira bwino: amene adatenga botolo la mafuta ophikira mu Okutobala n'kudzalipira mu Disembala adabweza ndalama yokwanira m'kope, koma ndalamayo sidathenso kukaoda botolo lomwelo. Choncho mukamalemba uthenga wokumbutsa, musadzione ngati wopemphetsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wangongole sadzadzuka m'mawa n'kudzikumbutsa yekha, chifukwa iye m'mimba simukumupweteka.

Tsono musanagwire foni kapena cholembera, tsegulani kope. Apa ndi pamene ine ndidapsa, ndipo ndikuuzeni kuti musapsenso. Tsiku lina ndidakumana ndi mayi wina pachigayo, ndili ndi mkwiyo wa masabata atatu, n'kumuuza pamaso pa anthu kuti ali ndi ngongole yanga yakutiyakuti. Mayiyo adangotula lichero pansi, n'kunena mofatsa kuti, "Koma agogo, theka lija ndidapatsira mwana wanu Lachiwiri." Zidali zoona. Mwanayo adalandira, adaponya m'kabati, osalemba. Kuyambira tsiku limenelo nkhani sidalinso ya ngongole yake, idasanduka ya bodza langa. Theka lotsalalo ndidalibenso nkhope yolifunsira, ndipo mayiyo adayamba kukagula tsidya lina la msewu pamodzi ndi azibale ake onse. Nambala imodzi yolakwika imapatsa wangongole khomo lotulukira. Werengani kawiri, funsani aliyense amene amaima pakauntala ngati adalandirapo kanthu, yang'ananinso mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba ngati munthuyo sadatumize usiku inu mutagona.

Ndikupatseni nkhani imodzi yeniyeni kuti tiyende nayo. Padali aphunzitsi ena a pasukulu ya pulayimale yapafupi, munthu waulemu, wa banja lalikulu, amene ankatenga katundu mwezi ndi mwezi n'kumalipira malipiro akatuluka. M'kope mwanga mudali motere: pa 6 Juni adatenga katundu wa K12,500, pa 14 Juni wa K18,000, pa 27 Juni wa K21,800. Zonse pamodzi K52,300. Pa 2 Julayi adabweretsa K15,000, n'kunena kuti yotsalayo adzamaliza pakutha pa Julayi. Yotsalayo idali K37,300. Julayi adatha, Ogasiti adalowa, ndipo ndidayamba kuona kuti aphunzitsi aja asintha njira. Kale ankadutsa pakhomo pa grosale n'kupereka moni, tsopano ankazungulira kuseri kwa tchalitchi. Chimenecho ndicho chizindikiro choyamba, ana anga. Wangongole akasiya kukupatsani moni, sikuti wakudani, manyazi ndi amene amugwira, ndipo mukachedwa manyaziwo amasanduka chidani. Amayambanso kukagula ndi ndalama kwa mnzanu, poopa kuti akabwera nayo kwa inu mumulanda. Mwataya ziwiri: ngongole ndi kasitomala.

Uthenga woyamba ndidautumiza pa 5 Ogasiti, patapita masiku asanu chidutsire tsiku la lonjezo. Udali wotere:

"Mwadzuka bwanji aphunzitsi, ndi kunyumba konse? Ndine wa pagrosale. Ndimati ndikukumbutseni kuti m'kope mwatsala K37,300, pa K52,300 ya katundu wa mu Juni, mutachotsa K15,000 imene mudapereka pa 2 Julayi. Tidagwirizana zoti mumaliza pakutha pa Julayi. Chonde mundithandize pofika Loweruka pa 10 Ogasiti, chifukwa Lolemba ndikukaoda katundu. Mutha kubwera nayo pagrosale kapena kutumiza pa nambala yomweyi. Ngati penapake sipakugwirizana ndi mmene inu mukudziwira, bwerani tidzaone kope limodzi. Zikomo kwambiri."

Tauyang'anitsitsani uthengawu. Ulemu wonse uli m'moni ndi m'mawu oitanira munthu. Ndawatchula "aphunzitsi", ndafunsa za kunyumba, ndati "chonde", ndati "mundithandize". Koma kulimba kwake kuli mu nambala ndi tsiku. Achinyamata ambiri mumasokoneza ziwirizi. Mukafuna kuonetsa ulemu mumafewetsa nambala, mumvekere "kangachepe kaja", "mukapeza mpata", "tsiku lililonse mungathe". Mukafuna kuonetsa kulimba mumaumitsa moni, n'kuyamba ndi "Inu bambo". Zonse ziwiri n'zolakwika. "Kangachepe kaja" munthu amakamasulira yekha, ndipo m'mutu mwa wangongole ngongole imachepa tsiku ndi tsiku. "Mukapeza mpata" ndiye kuti mwamupatsa chilolezo choyamba walipira fizi, lendi, magetsi ndi banki m'khonde, inu n'kukhala womaliza. Munthu wa malipiro a pamwezi amakhala ndi omulonjerera ambiri kuposa ndalama zake, ndipo amayamba kulipira amene watchula tsiku.

Onaninso kuti sindidapepese. Pali chizolowezi choyamba uthenga ndi "pepani kuti ndakuvutitsani", kenaka "pepani" wina pakati, wina kumapeto. "Pepani" mmodzi wa mwambo salakwika, ndi mmene timalankhulira. Koma akachuluka, wowerenga amamva kuti inuyo mukudziona wolakwa, ndipo amayankha ngati wokukhululukirani: "Musadandaule, tiona." Sindidalembenso za mavuto anga, zoti mwana akudwala kapena denga likudontha. Mukatero mwatsegula mpikisano wa mavuto, ndipo wangongole sagonja pa mpikisano umenewo, ake amakhala aakulu nthawi zonse. Chifukwa chimodzi chokha ndidapereka, cha malonda: Lolemba ndikukaoda. N'choona, n'chachifupi, ndipo chikusonyeza kuti tsikulo sindidalitole m'mwamba.

Mawu aja oti "bwerani tidzaone kope limodzi" musawasiye. Amatseka pakamwa pa munthu wofuna kudzakana mtsogolo, komanso amapatsa munthu woona mtima njira yobwerera pakhomo panu popanda kugwetsa nkhope. Ena amafuna chifukwa chabe choti afikire pakauntala.

Nthawi yotumizira nayonso ili ndi nzeru zake. Kwa wolandira pamwezi, kumbutsani malipiro ali pafupi kutuluka kapena angotuluka kumene, osati pa 18 pamene m'nyumba mwatsala mchere wokha. Kwa mlimi, kulonjerera mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zili pululu, n'kudzitopetsa chabe ndi kudzipangira adani. Mlimi mugwirizane naye za nthawi yokolola, ndipo mumukumbutse chimanga chikadali m'munda, kapena fodya asadapite ku okushoni, chifukwa ndalama ya mlimi imabwera kamodzi n'kuuluka sabata yomweyo. Mukafika mochedwa mupeza yasanduka njinga ndi malata. Ndipo tumizani m'mawa, munthu ali ndi tsiku lonse loti ayendeyende. Uthenga wa usiku umangomusowetsa tulo, pofika m'mawa wakonza kale bodza.

Pali malo amene ngongole sitchulidwa ngakhale itakula bwanji: pamaliro, pakhomo la tchalitchi kapena mzikiti, paukwati, pamaso pa ana ake, pamaso pa apongozi ake. Chimodzimodzinso m'magulu a pa WhatsApp aja mumasonkhanamo a mpingo kapena a mudzi umodzi. Ndamva ena akuika chithunzi cha munthu kuti dziko lonse lione kuti ndi wangongole. Mwana wanga, munthu amene wamuvula pagulu alibenso choti ateteze. Chimene chimakakamiza munthu wabwino kubweza ndi mbiri yake, ndipo ukaiwononga wataya chingwe chokhacho chimene udamumangira. Mwinanso iweyo ndi amene ukaitanidwe kubwalo kukayankha za kuipitsa dzina la mnzako. Musatumenso mwana. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Mwana akapita kukalonjerera kwa munthu wamkulu, wamkuluyo amaona chipongwe, ndipo yankho limene mwana abwera nalo simungalitsimikize.

Tibwerere kwa aphunzitsi aja. Adayankha madzulo: "Ndamva agogo, ndikuonani." Loweruka lidafika, dzuwa lidalowa, osaoneka.

Apa muphunzire kumva mayankho, chifukwa si onse ofanana. Amene wati "ndilibe yonse, koma Lachisanu ndibweretsa K10,000" ndi munthu wofuna kubweza, mugwireni bwino. Amene wati "malipiro sadatuluke" akhoza kukhala akunena zoona, ndipo n'zosavuta kudziwa, poti anzake a ntchito imodzi amagulanso kwa inu, muona ngati ayamba kugula nyama ndi mafuta. Simufunika kufunsa munthu, maso okha akwana. Amene wayamba kukangana za mtengo, kuti sopo uja mudamuwerengera modula, pamene tsiku lotenga sadanene kanthu, ameneyo akufunafuna pothawira. Koma "ndikuonani", "mawa", "osadandaula", mayankho opanda nambala ndi opanda tsiku, sali kanthu. Ndi utsi. Wotero musakangane naye, mungomubwezera ku nambala ndi tsiku.

Uthenga wachiwiri ndidautumiza Lolemba pa 12 Ogasiti. Sindidadikire mwezi wina. Mukatchula tsiku, tsikulo n'kudutsa inu osanena kanthu, mwamuphunzitsa munthuyo kuti masiku anu ndi ongolankhula. Ndidalemba kuti:

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji? Loweruka lija ladutsa sitidaonane, ndipo K37,300 ija ikadalipo. Ngati yonse pakamodzi yavuta, ndikulolani kuti mupereke magawo atatu: K12,300 pofika pa 17 Ogasiti, K12,500 pa 31 Ogasiti, ndi K12,500 pa 30 Sepitembala. Mundiyankhe pofika Lachitatu ngati mwavomera, kapena munene masiku amene inu mungakwanitse. Kufikira ngongoleyi itatha, m'kope sindilembamonso katundu wina, koma kugula ndi ndalama ndinu olandiridwa monga mwa masiku onse. Zikomo."

Moni wafupika, koma alipo. Chatsopano ndi zinthu ziwiri: njira yotulukira, ndi chotsatira chake. Za magawo ndinene pang'ono. Munthu amene ali ndi ngongole ya K37,300 ndipo m'thumba muli K8,000 sabwera, chifukwa amaona kuti K8,000 ndi yochititsa manyazi. Amaisunga kuti ikwane, ndipo siikwana, imathera mu ndiwo. Mukamutsegulira khomo la magawo, K8,000 ija imabwera kwa inu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma magawowo akhale ndi masiku ake, ndipo gawo loyamba likhale pafupi, mkati mwa sabata yomweyo, kuti muone ngati munthuyo ali ndi mtima wobweza. Magawo asapitirirenso atatu kapena anayi. Ngongole yodulidwa zidutswa khumi imatopetsa wolemba, ndipo pena pake mudzasokoneza nokha.

Chiganizo chija chotseka kope ndicho msana wa uthenga wonse, ndipo chiyeso chake chimabwera msanga. Kwa ine chidabwera Lachinayi lomwelo. Kamtsikana ka aphunzitsi, ka zaka ngati zisanu ndi zinayi, kadafika ndi kajumbo m'manja, n'kunena kuti, "Akuti mutipatseko shuga ndi sopo, alembe." Mtima udandiwawa, poti mwanayo ndidamuona akubadwa. Ndidamupatsa switi imodzi, n'kumuuza kuti, "Kawauze adadi kuti agogo akuti abwere okha." Sindidamuuze mwanayo za ngongole, si zake. Ndikadapereka shuga uja, mauthenga anga onse awiri akadasanduka nthabwala. Musalembe chinthu chimene simudzachita. Ngati mukudziwa kuti mtima wanu sungathe kutseka kope, musanene kuti mutseka.

Ndipo onani kuti khomo la kugula ndi ndalama ndidalisiya lotsegula. Munthu akabwera ndi K2,000 kudzagula mchere ndi machesi, mugulitseni, mupatseni chenji chake chonse, musamulande kuti "iyi ndadula pangongole". Mukatero kamodzi, sadzabweranso ndi ndalama pakhomo panu.

Pali zina zimene achinyamata mumathamangira mukapsa mtima, ndipo ndikuchenjezeni. Musawonjezere chiwongoladzanja chimene simudagwirizane pa tsiku lotenga katundu. Mwagulitsa shuga, simudabwereketse katapila. Mukalemba kuti "tsopano yakwana K45,000 chifukwa mwachedwa", mwamupatsa munthuyo mlandu woti akaneneze, ndipo anthu adzaima mbali yake. Ngati mukufuna kuti wochedwa azilipira mtengo watsopano katundu akakwera, nenani zimenezo poyamba, zilembedwe m'kope, asayinire. Musaopseze ndi apolisi. Ngongole ya pagrosale si kuba, ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri, ndipo malo ake ndi kwa amfumu kapena kubwalo la majisitireti. Wangongole wozindikira amadziwa zimenezi, ndipo mukamuopseza ndi chinthu chopanda mano amaleka kukuopani pa zonse. Musapitenso kunyumba kwake kukanyamula wailesi kapena mbuzi mwa mphamvu zanu. Chikole ndi chimene munthu wapereka yekha ndi manja ake, pali mboni. Chimene mwanyamula nokha chikusandutsani inuyo wolakwa, woyenera kuyankha mlandu.

Za kuuza mkazi wake kapena mwamuna wake, samalani kwambiri. Ngati katundu ankatengera pakhomo, onse awiri akudziwa, palibe vuto kulankhula ndi aliyense wa iwo. Koma pali ngongole zina zimene mnzake wa m'nyumba sazidziwa, ndipo mukaziulula mwayatsa moto umene simungauzime. Ndalama yanu mwina ibwera, koma dzina loti ndinu wopasula mabanja lidzakhala nanu. Chimodzimodzi kukanena kwa abwana ake kuntchito. Ine kwa ahedi a sukulu sindidapiteko, ngakhale ena adandiuza kuti ndiko kwachidule.

Aphunzitsi aja sadayankhe Lachitatu, ndipo pa 17 padadutsa. Apa ndipo pamafunika kalata yeniyeni, ya papepala. Foni ili ndi ubwino wake, imasunga tsiku ndi mawu, ndipo mauthenga otere musamafufute. Koma munthu amatha kunena kuti foni idagwa m'madzi, kapena idali ndi mwana. Kalata ya pamanja, yoikidwa mu envelopu yomata, yoperekedwa ndi munthu wamkulu, ili ndi kulemera kwina. Ndidalemba makope awiri ofanana, limodzi n'kusunga. Ndidaika tsiku pamwamba, 20 Ogasiti, ndipo mawu ake adali awa:

"Okondedwa aphunzitsi, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja. Ndakulemberani pa 5 ndi pa 12 Ogasiti za K37,300 yotsala pa katundu amene mudatenga pa 6, pa 14 ndi pa 27 Juni, koma mpaka lero sitidamvane. Takhala tikuthandizana zaka zambiri, ndipo sindikufuna kuti nkhaniyi ituluke pakati pa ife awiri. Ndikupemphani kuti pofika pa 31 Ogasiti mubweretse ndalamayi, kapena gawo lake pamodzi ndi masiku a yotsalayo. Tsikuli likadutsa, ndidzapempha amfumu kuti atikhazike pansi. Ndatha ine, wa pagrosale."

Mulibe mawu oti "wakuba", mulibe "mulibe manyazi", mulibe "ndidakuthandizani pamene mudali pamavuto". Mawu otero amakoma polemba, koma madzi akatayika saoleka, ndipo kalata imasungidwa. Lembani kalata iliyonse ngati kuti tsiku lina idzawerengedwa mokweza pabwalo, amfumu ndi nduna zawo akumvetsera. Ikawerengedwa, anthu aone munthu amene adaleza mtima katatu, wotchula masiku ndi nambala zoona. Ngati mwalemba muli ndi mkwiyo, igonekeni kalatayo, muiwerengenso m'mawa. Ine zambiri ndidazing'amba m'mawa.

Muonenso kuti chotsatira chimene ndidatchula ndi chaching'ono, chotheka, ndipo ndidali wokonzeka kuchichita. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kwa amfumu, kapena kwa mkulu wa mpingo amene nonse mumamulemekeza, kapena kwa wapampando wa msika ngati muli mumsika, munthu amavomera ngongole pamaso pa mboni, masiku amalembedwa, ndipo nonse mumatuluka mukadali anthu. Inu a m'tauni amene mumakongoza katundu wa ndalama zambiri, njira ya kubwalo la majisitireti ilipo, koma kumeneko adzakufunsani umboni: kope losayinidwa, mauthenga, kope la kalata. N'chifukwa chake ndimati aliyense wotenga katundu azisayina kapena kudinda chala pambali pa nambala, ngakhale akhale mlamu wanu. Ndipo muyambe mwawerengera ngati ndalama yoyendera ndi masiku otseka shopu sizipitirira ngongoleyo.

Ndanena za mlamu, ndiye ndinenepo za abale, poti ngongole zovuta kwambiri ndi zimenezo. Chibale ndi fupa, sichiola, n'zoona, koma mpamba umaola. Kwa mbale uthenga ndi womwewo, nambala ndi tsiku, kungosintha moni: "Achimwene", "Atsibweni", "Alamu". Chimene chimathandiza ndi kulekanitsa thumba lanu ndi thumba la grosale. Ndinkawauza kuti, "Atsibweni, ndalama iyi si yanga, ndi ya shopu. Mukafuna thandizo kwa ine ngati mphwanu, tikambirane padera, koma za m'kope zibwerere m'kope." Ndipo ngati mumtima mwanu mwaona kuti munthuyu sangathe, ndi wamasiye, wadwala chaka chonse, ndi bwino kumuitana n'kumuuza kuti mwafufuta, kusiyana n'kusiya dzina lake m'kope likukuwawitsani mtima nonse awiri. Kukhululuka kukhale kochita kusankha inu, n'kunena poyera kwa mwini wake, osati kongogwa chifukwa mudaopa kufunsa.

Pa 30 Ogasiti madzulo, ndikutseka mawindo, aphunzitsi aja adafika. Adaima pakhomo chipewa chili m'manja. Ndidawalowetsa, n'kuwapatsa mpando kuseri kwa kauntala kuti odutsa asaone. Adatulutsa K20,000, n'kundiuza kuti mayi awo adagonekedwa m'chipatala mwezi wonse wa Julayi, ndipo adachita manyazi kubwera chimanjamanja. Ndidawafunsa za matendawo poyamba, tidacheza ndithu. Kenaka ndidatsegula kope iwo akuona, n'kulemba: 30 Ogasiti, alipira K20,000, yatsala K17,300. Ndidawafunsa kuti yotsalayo anene okha tsiku. Adati pa 30 Sepitembala. Ndidalemba, adasayina, ndipo ndidawalembera kapepala kakang'ono ka lisiti kuti apite nako.

Usiku womwewo ndidatumiza uthenga wina, umene ambiri mumaiwala: "Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha K20,000 ya lero. Yatsala K17,300, ya pa 30 Sepitembala monga tagwirizana. Amayi tikuwapempherera." Uthenga wothokozawu umagwira ntchito ziwiri, umabweza ulemu wa munthu, komanso umakhomerera nambala yatsopano ndi tsiku latsopano pamalo pamene nonse mungazione.

Pa 28 Sepitembala ndidawakumbutsa ndi mzere umodzi wokha. Adabweretsa pa 2 Okutobala, masiku awiri mochedwa, ndipo za masiku awiriwo sindidanenepo kanthu. Ndidajambula mzere wofiira pa tsamba lawo iwo akuona. Atafunsa ngati angayambirenso kulemba, ndidavomera, koma ndidati malire ndi K20,000, ndipo mwezi ukatha tsamba liziyera tisadatsegule lina. Adaseka, n'kunena kuti agogo mwaumitsa. Kenaka adatenga paketi ya shuga ndi sopo awiri, ndipo ndidalemba pa tsamba latsopano.